Makina awerenga mapepala athu: tidziwa bwanji kuti awerenga zoona?

Mabungwe a alimi, masukulu ndi maofesi a kuno ku Ulongwe ali ndi milu ya mapepala a matebulo: mayina, masiku, makilo, mitengo. Masiku ano munthu amatha kujambula mapepalawo n'kuwapatsa pulogalamu ya pakompyuta kuti iwerenge ndi kuika manambala onse mu Excel. Ntchito ya mwezi wathunthu imatha tsiku limodzi. Koma pulogalamu ikalakwitsa siulula. Mafunso ali m'munsiwa ndi okhudza njira yoyezera kulakwitsako, yomwe ndi kulemba pamanja gawo laling'ono la mapepala, kuliyerekeza ndi zomwe makina atulutsa, n'kuwerenga timabokosi tolakwika.

Kodi ndi mapepala otani amene tikunena?

Chitsanzo chapafupi ndi kalata ya mitengo ya mbewu yotchedwa Quente-Quente, imene nthambi ya SIMA ya unduna wa zaulimi ku Mozambiki yakhala ikutulutsa sabata ndi sabata. SIMA inayamba ntchito mu 1991, ndipo msika wa Angoniya umapezeka m'matebulo ake. Wophunzira zaulimi pa Yunivesite ya Zambeze kuno ku Ulongwe akafuna kuona mmene mtengo wa chimanga kapena nyemba wakhala ukuyendera kwa zaka khumi, ayenera kuchotsa manambala m'makalata mazanamazana. Fayilo ya PDF ikakhala kuti inalembedwa pakompyuta, mapulogalamu monga Tabula ndi Camelot amatola zilembo zomwe zili kale m'katimo. Ikakhala chithunzi chabe cha pepala, pamafunika pulogalamu yozindikira zilembo, monga Tesseract. Gulu loyamba limakonda kusokoneza malire a timabokosi, kuphatikiza awiri kapena kugawa kamodzi. Lachiwiri limawonjezera vuto lina, kusokoneza zilembo zofanana: 1 ndi 7, 3 ndi 8, 0 ndi O.

Kuti tione manambala bwino, tiyerekeze bungwe la alimi lomwe lili ndi masamba 120 osindikizidwa a mbewu zomwe linagula. Tsamba lililonse lili ndi mizere 25, ndipo mzere uliwonse uli ndi madanga asanu ndi limodzi: tsiku, dzina la mlimi, mudzi, mtundu wa mbewu, makilo, ndi mtengo wa kilo imodzi. Timabokosi tonse pamodzi ndi 18,000. Manambala onse a chitsanzochi ndi ongoyerekezera, koma masamu ake ndi enieni.

Bwanji osangoyang'ana zomwe zatuluka n'kuona ngati zikuoneka bwino?

Chifukwa cholakwika choopsa chimaoneka bwino. Dzina likatuluka ndi zizindikiro zachilendo pakati, aliyense amaliona. Koma 38 ikasanduka 33 palibe chimene chimakudzidzimutsa, poti 33 ndi nambala yabwinobwino ya makilo. Diso limagwira zolakwika zonyansa n'kusiya zooneka zaulemu, ndipo zaulemuzo ndi zimene zimalowa m'malipiro a mlimi.

Mapulogalamu ena amati amalondola 99 peresenti. Kodi zimenezi sizikwanira?

Funsani kaye kuti 99 peresenti ya chiyani. Kawirikawiri nambala imeneyi imanena za zilembo, chilembo chimodzichimodzi. Koma ife sitigwiritsa ntchito zilembo, timagwiritsa ntchito kabokosi kathunthu. Ngati kabokosi kali ndi zilembo zisanu ndi chimodzi, ndipo chilembo chilichonse chili ndi mwayi wa 99 pa 100 wotuluka bwino, mwayi woti zonse zituluke bwino ndi 0.99 kuchulukitsa ndi iyo yomwe kasanu ndi kamodzi, zomwe ndi pafupifupi 94 pa 100. Choncho kulakwitsa chilembo chimodzi pa 100 kutha kukhala kulakwitsa timabokosi 6 pa 100.

Ndiponso zilembo sizilemera mofanana. Pa 12,5 pali zizindikiro zinayi. Mpatuliro wokhawo ukasowa, woyeza zilembo anena kuti zitatu mwa zinayi zalondola. Koma makilo khumi ndi awiri ndi theka asanduka makilo 125. N'chifukwa chake poyeza matebulo lamulo limakhala louma: kabokosi kalondola konse, kapena kalakwika. Palibe kolondola pang'ono.

Ndisankhe masamba ati oti alembedwe pamanja?

Apa ndi pamene ntchito yambiri imafera isanayambe. Munthu amatola masamba khumi oyambirira, kapena amene akuoneka oyera, chifukwa ndi osavuta kulemba. Aliyense amene anagulapo mbatata ya kachewere pamsika amadziwa kuti zikuluzikulu zimakhala kukamwa kwa thumba, ndipo wogula wanzeru amapisa dzanja mpaka pansi. Masamba oyambirira a fayilo nthawi zambiri amajambulidwa wojambula asanatope, inki ya chosindikizira isanayambe kuzilala. Mukayeza amenewo mupeza nambala yokoma yomwe sikunena zoona za masamba otsala.

Njira yosavuta ndi iyi. Mukufuna masamba 20 mwa 120, ndiye kuti tsamba limodzi pa asanu ndi limodzi alionse. Lembani 1 mpaka 6 pa timapepala, pindani, wina atole kamodzi. Tinene kuti watola 4. Masamba anu ndi 4, 10, 16, 22, mpaka 118. Tsamba lomwe lagwera ndi lomwelo, ngakhale likhale lopindika kapena lodontheredwa ndi mvula. Osalisintha. Pa tsamba lililonse tengani mizere isanu, ndipo poyambira pake pazisintha, chifukwa mizere ya pansi pa tsamba ndi ya pafupi ndi popinda imawonongeka kuposa ya pakati. Mwapeza mizere 100, timabokosi 600.

Mwina mungafunse kuti bwanji osangotenga masamba anayi athunthu, poti nawonso ali ndi timabokosi 600. Yankho ndi lakuti zolakwika zimayenda m'magulu. Tsamba limodzi lojambulidwa mopendekeka litha kukhala ndi zolakwika makumi atatu pamene anzake alibe n'chimodzi chomwe. Mukatenga masamba anayi okha, zotsatira zanu zidalira ngati tsamba loipalo lagweramo kapena ayi. Mizere yochepa kuchokera m'masamba ambiri imanena zoona kuposa mizere yambiri ya m'masamba ochepa.

Ngati mapepala anu ali a mitundu iwiri, ena otayipa ndipo ena odzaza ndi cholembera, musawasakanize. Mtundu uliwonse ukhale ndi sampulo yake ndi nambala yake. Tesseract inapangidwira zilembo zosindikizidwa, ndipo pa zolemba pamanja imalephera kwambiri.

Nanga wolemba pamanjayo akalakwitsa yekha?

Amalakwitsa ndithu, ndipo muyeso wopindika sungawongole kanthu. Choncho timabokosi 600 tija alembe anthu awiri, aliyense payekha, osaonerana. Kenako yerekezani zolemba zawo. Pamene asiyana, munthu wachitatu atenge pepala lenilenilo n'kugamula. Anthu awiri salakwitsa kawirikawiri malo amodzi mwa njira imodzi, ndiye zolakwika zambiri zimaonekera poyera. Imeneyi ndi njira yakale ya anthu a kalembera ndi a kafukufuku wa zaumoyo, ndipo mapulogalamu monga EpiData ndi CSPro ali ndi gawo lochitira zimenezi.

Chinthu chimodzi ndikuchiletsa ndi mtima wonse: musapatse mlembi zomwe makina atulutsa kuti azingokonza molakwika. Zimafulumira, inde, koma diso likaona 33 pakompyuta limakaonanso 33 papepala pamene pali 38. Mlembi akhale ndi pepala ndi tsamba lopanda kanthu la Excel, basi.

Pamene ngakhale munthu wachitatu sangathe kuwerenga, inki itafufutika, ikani chizindikiro chapadera ndipo kabokosi kameneko kachotsedwe pa chiwerengero. Makina sangaimbidwe mlandu pa chinthu chomwe palibe akudziwa yankho lake. Koma lembani kuti timabokosi totere tinalipo tingati.

Kodi «kufanana» n'kutani? Pepala likati Ulónguè, mlembi n'kulemba Ulongwe, walakwa ndani?

Walakwa mlembi. Ntchito yake ndi kukopera zomwe zili papepala, osati kukonza. Kuno kumalire vuto limeneli ndi latsiku ndi tsiku, chifukwa dzina limodzi limalembedwa mwa Chipwitikizi ndi mwa Chichewa: Dómuè ndi Domwe, Calómuè ndi Kalomwe. Tikuyeza ngati makina awerenga pepala, osati ngati pepalalo linalembedwa bwino. Kugwirizanitsa mayina ndi ntchito ina, yobwera pambuyo.

Malamulo a kufanana alembedwe musanaone zotsatira. Kodi zilembo zazikulu ndi zazing'ono tizisiyanitsa? Kodi kachizindikiro ka pamwamba pa ó kakasowa, n'kulakwa? Kodi 12,50 ndi 12,5 n'zofanana? Mayankho ake ali kwa inu, malinga ndi chomwe mukufuna kuchita ndi manambalawo. Ine ndimati mipata yowonjezera ndi kukula kwa zilembo tizikhululuka, ndipo 12,50 ndi 12,5 ndi nambala imodzi. Chachikulu n'chakuti musasinthe lamulo mutaona kuti likukupatsani nambala yochititsa manyazi.

Pa manambala pali msampha wa kwathu kuno weniweni. Ku Mozambiki mpatuliro umalekanitsa nambala yathunthu ndi zidutswa zake, pamene ku Dedza, tsidya lina la malire, ntchito imeneyo ndi ya kadontho, ndipo mpatuliro umasonyeza masauzande. Ndiye 1,250 kuno ndi imodzi ndi kota, koma ku Malawi ndi chikwi chimodzi ndi mazana awiri ndi makumi asanu. Kompyuta yotcheredwa mwa Chingerezi ikatsegula fayilo ya manambala a Chipwitikizi itha kuwasandutsa mwakachetechete, ndipo itha kutembenuzanso tsiku ndi mwezi, 03/04 n'kukhala 4 Malichi m'malo mwa 3 Epulo. Pamenepo mungaimbe mlandu pulogalamu yowerenga pamene wolakwa ndi Excel. Potsegula mafayilo onse awiri, uzani Excel kuti madanga onse awatenge ngati mawu, osati ngati manambala kapena masiku.

Kuyerekeza kwenikweniko kumachitika bwanji?

Yambani ndi kupatsa mzere uliwonse nambala yodziwikira, yopangidwa ndi tsamba ndi mzere, monga 016-07 kutanthauza tsamba 16, mzere 7. Popanda imeneyi mugwa m'vuto lodziwika: makina akadumpha mzere umodzi, mizere yonse ya m'munsi imakwera, ndipo kompyuta imayerekeza mlimi wina ndi mnansi wake. Chizindikiro chake n'chosavuta kuona. Tsamba limayamba bwinobwino, kenako kuchokera pa mzere wina mpaka pansi timabokosi tonse n'tolakwika. Mukaona zotero musawerenge zolakwika zonsezo. Funani mzere wosowawo, siyani mpata pamalo pake, yerekezaninso. Ndi bwinonso kuwerenga mizere ya tsamba lonse pa masamba 20 aja kuti muone ngati ikukwana 25.

Ikani zolemba pamanja pa tsamba lotchedwa `dzanja`, za makina pa tsamba lotchedwa `makina`, mizere italunjikana. Pa tsamba lachitatu lembani ichi n'kuchikokera m'timabokosi tonse:

```
=IF(EXACT(TRIM(dzanja!B2),TRIM(makina!B2)),0,1)
```

Pofanana pamatuluka 0, posiyana 1; popeza madanga ndi mawu, 12,50 ndi 12,5 zitulutsanso 1, ndiye ngati munagwirizana kuti n'zofanana, pamenepo musinthe 1 kukhala 0. `TRIM` imachotsa mipata yowonjezera, ndipo `EXACT` imasiyanitsa zilembo zazikulu ndi zazing'ono. Ngati mwagwirizana zokhululuka zimenezi, kutirani mbali zonse ziwiri ndi `UPPER`. Pa Excel ya Chipwitikizi mayinawa amasintha, `IF` amakhala `SE`, ndipo pakati pamalowa `;` m'malo mwa `,`. Mukatero wonkhetsani danga lililonse ndi `SUM`.

Pa kabokosi kalikonse kamene patuluka 1, bwererani ku pepala. Nthawi zina mupeza kuti makina ndiwo analondola, alembi onse awiri anaphonya. Konzani mbali ya dzanja, ndipo musachite nazo manyazi.

Tsono nambala ya kulakwitsa imapezeka bwanji?

Gawani timabokosi tolakwika ndi timabokosi tonse tomwe tili pa pepala lenileni, osati tomwe makina atulutsa. Kusiyanaku n'kofunika. Mzere wonse ukasowa, zolakwika ndi zisanu ndi chimodzi. Mukagawa ndi zomwe makina atulutsa, pulogalamu yodumpha malo ovuta idzaoneka yanzeru kuposa yoyesetsa kuwerenga paliponse. Mizere yomwe makina angoipeka, monga mutu wa tebulo wobwerezedwa ngati mlimi, iwerengeni padera n'kuinena.

Tinene kuti pa chitsanzo chathu zatuluka motere, pa timabokosi 100 a danga lililonse: tsiku 2, dzina 14, mudzi 9, mtundu wa mbewu 0, makilo 7, mtengo 4. Zonse pamodzi ndi 36, ndipo 36 kugawa ndi 600 ndi 6 peresenti.

Nambala ya 6 imeneyi payokha ndi yosathandiza kwenikweni. Ikubisa kuti mayina ndi midzi zatenga 23 mwa zolakwika 36, pamene danga la mbewu lilibe n'chimodzi chomwe. Ngati cholinga chanu n'kudziwa makilo onse a nyemba omwe bungwe linagula, mayina 14 olakwikawo sakukhudzani; nkhawa yanu ndi 7 ya makilo. Ngati cholinga n'kulipira munthu aliyense, ndiye funso ndi lina: ndi mizere ingati yomwe ili ndi cholakwika ngakhale chimodzi? Popeza zina zimagwera mzere umodzi, tinene kuti ndi mizere 27 mwa 100. Tebulo lomwelo lomwe lalondola 94 peresenti pa timabokosi lili ndi vuto pa pafupifupi mlimi mmodzi mwa anayi alionse. Manambala onsewa ndi oona, ndipo lipoti labwino limanena onse atatu: wa timabokosi tonse, wa danga lililonse, ndi wa mizere.

Samalaninso ndi timabokosi topanda kanthu. Matebulo a mitengo amakhala ndi mipata yambiri, sabata imene mbewu ina sinapezeke pamsika. Makina savutika kulondola mpata. Ngati theka la tebulo n'lopanda kanthu, mipatayo itsitsa nambala ya kulakwitsa ndi theka popanda makina kuchita chanzeru chilichonse. Werengani kulakwitsa pa timabokosi todzaza, ndipo payokha nenani kangati makina anaika kanthu pamalo popanda kanthu.

Kodi 6 peresenti ya sampulo ndi 6 peresenti ya masamba onse 120?

Ndi pafupi napo, osati ndendende. Mukanatola kapepala ka 2 m'malo mwa 4 mukanapeza mwina 5 kapena 7. Kukula kwa kugwedezekaku kumawerengeka motere, `p` ikuimira gawo lolakwika ndipo `n` timabokosi toyezedwa:

```
=2*SQRT(p*(1-p)/n)
```

Pa 0.06 ndi 600 yankho ndi pafupifupi 0.02. Choncho tinganene molimba mtima, ka 95 pa 100, kuti kulakwitsa kwenikweni kuli pakati pa 4 ndi 8 peresenti, kapena kuti timabokosi 720 mpaka 1,440 mwa 18,000 aja. Popeza zolakwika zimaunjikana m'masamba, mpata weniweni ndi wotakasukirapo pang'ono kuposa pamenepa. Pa danga la makilo, lomwe lili ndi timabokosi 100 tokha, mpatawo ndi waukulu: kuyambira 2 mpaka 12 peresenti. Kuti muuchepetse ndi theka muyenera kulemba mizere yochuluka kanayi, 400. Ngati makilo okha ndiwo akukudetsani nkhawa, lembani danga limenelo lokha pa mizere 400. Ndi ntchito yochepa kuposa timabokosi 600 tija.

Ndipo 0 wa danga la mbewu satanthauza kuti mulibe cholakwika. Pali lamulo lachidule la akatswiri a ziwerengero: mukayeza zinthu n'kusapeza cholakwika chilichonse, gawani 3 ndi chiwerengero cha zomwe mwayeza. Pa timabokosi 100, kulakwitsa kutha kufikabe 3 peresenti. Kuti munene kuti n'kosapitirira 1 peresenti, muyenera kuyeza 300 osapeza n'chimodzi chomwe.

Kodi zolakwika zonse n'zofanana kulemera?

Ayi, ndipo kuwerenga timabokosi kokha sikuona zimenezi. Tengani zolakwika 7 za makilo, muziyang'ane chimodzichimodzi. Tinene kuti zinayi ndi manambala osinthana, monga 38 ndi 33, ndipo zitatu ndi mpatuliro wosowa. Zinayi zija zimasuntha chiwerengero ndi makilo ochepa, zina m'mwamba, zina pansi, mwina n'kufafanizana. Zitatu zija zonse zimakankhira mbali imodzi, kuchulukitsa kakhumi. Pa mtengo wa mametikali 20 pa kilo, makilo 12,5 ndi mametikali 250; atasanduka 125 ndi mametikali 2,500. Choncho wonkhetsani makilo a mizere 100 ija mbali ya dzanja ndi mbali ya makina, muone kusiyana kwa ziwerengero ziwirizo. Kumeneko ndiko kukuuzani zomwe zolakwikazo zikuchita ku thumba la bungwe.

Kusanja zolakwika m'mitundu kumasonyezanso mankhwala ake. Mpatuliro ukamasowa, kawirikawiri chithunzi n'chosaoneka bwino. Jambulaninso pa madontho 300 pa inchi, pepala litagona bwino. Zilembo za Chipwitikizi zikamasokonezeka mu Tesseract, onani ngati munaiuza chilankhulo ndi `-l por`. Manambala akamalowa m'danga la mnzake, vuto ndi malire a tebulo, osati kuwerenga.

Pali cholakwika china chomwe muyeso umenewu sungachigwire konse, chifukwa makina ndi mlembi onse amakopera mokhulupirika. Pa 1 Julaye 2006 Mozambiki inasintha ndalama, mametikali akale 1,000 n'kukhala metikali imodzi yatsopano. Wophatikiza matebulo a mitengo a zaka za mbali zonse ziwiri za tsikuli atha kupeza kulakwitsa kwa 0 peresenti, koma tebulo lake n'kumasonyeza kuti mitengo inagwa kachikwi. Kuyerekeza ndi zolemba pamanja kumatsimikiza kuti mwakopera bwino. Tanthauzo la zomwe mwakopera ndi udindo wanu.

Ndakonza pulogalamu, ndayezanso pa sampulo yomweyo, kulakwitsa kwatsika kufika 1 peresenti. Ndisangalale?

Dikirani kaye. Munakonza mukuyang'ana zolakwika za masamba 20 omwewo, ndiye n'zosadabwitsa kuti pamenepo zayenda bwino. Masamba 100 otsalawo ali ndi mavuto awo omwe simunawaone. Tolaninso kapepala, tengani masamba ena, alembi alembenso, ndipo nambala yotuluka pamenepo ndiyo yoti ilowe m'lipoti. Anthu ochenjera amalembetseratu masampulo awiri poyamba, ina yokonzera, ina n'kuitsekera mpaka tsiku lomaliza.

Ndiye nambala yabwino ndi iti, yoti ndinene kuti ntchito yatheka?

Palibe nambala imodzi yokwanira ntchito zonse, ndipo malire ake aikidwe ndi eni ntchito musanayeze. Wophunzira wofuna kuona ngati mtengo wa chimanga umakwera miyezi ya njala atha kupirira zolakwika zochepa zing'onozing'ono, bola atasaka ndi kuchotsa zochulukitsa kakhumi zija, zomwe zimaonekera mukasanja danga kuyambira nambala yaikulu. Koma pa tebulo lolipirira anthu, makilo olakwika 7 pa 100 sangavomerezeke, ngakhale 1 pa 100. Pa chitsanzo chathu chigamulo changa n'chakuti masiku ndi mitundu ya mbewu zitengedwe kwa makina, mayina ndi midzi ziyerekezedwe ndi kaundula wa mamembala a bungwe, koma makilo ndi mitengo, timabokosi 6,000, zilembedwe ndi munthu kamodzi n'kuyerekezedwa ndi za makina, ndipo paliponse posiyana pepala ligamule. Ndi gawo limodzi mwa atatu la ntchito yolemba zonse. Msungichuma wa bungwe asasainire malipiro ochokera pa tebulo la makina asanaone chiwerengero cha zolakwika za madanga awiri amenewa.